Windows 10 inasiya kusamalidwa: momwe mungadziwire choyenera kuchita ndi kompyuta yanu yakale

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, imene inatuluka mu Julaye 2015. Tsikulo litafika makompyuta sanazime, mafailo sanafufutike, ndipo amene analemba kalata dzulo lake anailembanso bwinobwino m'mawa mwake. N'chifukwa chake ambiri amati nkhaniyi ndi yongofuna kuwagulitsa makina atsopano. Koma chinasintha chilipo ngakhale sichioneka ndi maso, ndipo chimakhudza kwambiri ife amene timagula malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, chifukwa ambiri mwa iwo ndi a zaka zimene Windows 11 imakana. Malangizo awa akutsata laputopu imodzi yodziwika m'masitolo otere, HP EliteBook 840 G3 yokhala ndi pulosesa ya Intel Core i5-6300U, kuti muone momwe chisankho chimapangidwira.

Choyamba: mvetsani chimene chatha

Pulogalamu yaikulu ngati Windows imakhala ndi zolakwika zimene ngakhale oilemba sazidziwa, ndipo zina mwa zolakwikazo ndi mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo. Mpata ukapezeka, Microsoft imakonza ndi kutumiza chokonzacho kumakompyuta onse, makamaka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Izi ndi zimene timati maapudeti a chitetezo, ndipo ndi zimene zinatha. Zili ngati nyumba imene mmisiri wake wanena kuti sadzabweranso: lero ikadali yolimba, koma loko akadzathyoka palibe wodzamukonza.

Choopsa n'chakuti vutoli limakula mwezi ndi mwezi. Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana m'zigawo zambiri za m'kati, kotero Microsoft ikatseka mpata mu Windows 11, akuba amasanthula chokonzacho, amazindikira pamene panali mpatawo, kenaka amakauyesa pa Windows 10 pamene sunatsekedwe. Zoterezi zinachitikapo. Mu Malichi 2017 Microsoft inatseka mpata wina m'njira imene makompyuta amagawirana mafailo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho vayirasi ya WannaCry inalowera pampata womwewo m'makina amene sanalandire chokonzacho, n'kutseka mafailo a anthu ndi kufuna dipo. Zipatala zambiri za ku Britain zinasokonekera. Zinthu zinafika poti Microsoft inatulutsa chokonza chapadera cha Windows XP, imene inali itasiya kusamalidwa pa 8 Epulo 2014, koma chimenecho chinali chifundo cha apo ndi apo chimene munthu sangamangirepo bizinesi yake.

Pali kutha kwachiwiri kumene kumabwera mochedwerapo, ndiko kwa mapulogalamu ena. Windows 7 inasiya kusamalidwa pa 14 Januwale 2020, koma Chrome inapitiriza kuigwirira ntchito mpaka kumayambiriro kwa 2023, pamene Chrome 109 inakhala yomaliza. Kuchokera apo mawebusayiti ena anayamba kukana kutseguka bwino. Windows 10 idzadutsa njira yomweyi: lero bulawuza ikulandirabe maapudeti ake, koma tsiku lidzafika loti opanga mabulawuza, mapulinta ndi mapulogalamu owerengera ndalama aisiye mmodzimmodzi. Dziwaninso kuti Office 2016 ndi Office 2019 zinasiya kusamalidwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala 2025, kotero mwina muli ndi zinthu ziwiri zotha ntchito m'makina amodzi.

Ena amati antivayirasi ikwanira. Microsoft Defender, antivayirasi imene imabwera ndi Windows, ikulandirabe mndandanda wa mavayirasi atsopano pa Windows 10, ndipo zimenezi n'zothandiza, koma antivayirasi imagwira wakuba amene ikumudziwa atalowa kale. Sitseka mpata umene walowera.

Chachiwiri: fufuzani chimene muli nacho

Musanasankhe kalikonse, lembani papepala zinthu zisanu. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, ndipo m'kabokosi kamene kaoneke lembani malamulo awa, limodzi panthawi imodzi:

```
winver
msinfo32
tpm.msc
```

Lamulo loyamba likuonetsani mtundu wa Windows. Womaliza wa Windows 10 ndi 22H2. Ngati mwaona 21H2, 20H2 kapena 1909, ndiye kuti kompyuta yanu inasiya kulandira maapudeti kale kwambiri Okutobala 2025 asanafike. Izi si zachilendo kwathu kuno, chifukwa anthu ambiri amatseka maapudeti poopa kuti angawathere bandulo, ndipo amisiri ena amawatsekeratu pokhazikitsa Windows.

Lamulo lachiwiri litsegula tsamba la System Information. Pamzere wa Processor muwerenge dzina la pulosesa, pa Installed Physical Memory muone kukula kwa memole, ndipo pa BIOS Mode muone ngati palembedwa UEFI kapena Legacy, zimene ndi njira ziwiri zimene kompyuta imayakira, yatsopano ndi yakale. Lamulo lachitatu likuuzani za TPM, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi. Pamzere wa Specification Version payenera kulembedwa 2.0.

Windows 11 imafuna memole ya magigabayiti 4, diski ya magigabayiti 64, UEFI yotha kugwiritsa ntchito chitetezo cha poyaka chotchedwa Secure Boot, TPM 2.0, ndi pulosesa yopezeka pamndandanda wa Microsoft. Pa zonsezi, pulosesa ndiye amagamula mlandu, chifukwa zinazo zimatheka kukonza koma pulosesa wa laputopu amakhala womatiriridwa pabodi. Kwa Intel mndandandawo umayambira pa m'badwo wa 8, kupatula mapulosesa ochepa kwambiri a m'badwo wa 7, ndipo kwa AMD umayambira cha pa Ryzen 2000. M'badwo wa Intel Core mumauwerenga pa nambala imene ili kumanja kwa kamzere: mu i5-6300U nambala yoyamba ndi 6, ndiye m'badwo wa 6, mu i5-8250U ndi m'badwo wa 8, ndipo nambala zoyamba ndi 10, 11 kapena 12, monga i5-10210U ndi i5-1135G7, ndi za mibadwo imeneyo. Apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa, chifukwa wogulitsa amangoti "iyi ndi i7, bwana," pamene i7 ya m'badwo wa 6 siloledwa koma i3 ya m'badwo wa 8 imaloledwa.

EliteBook yathu ija ili ndi memole ya magigabayiti 8, diski yake ndi yaikulu mokwanira, ndipo ili ndi UEFI, koma pulosesa wake ndi wa m'badwo wa 6, kotero khomo la Windows 11 latsekeka ngakhale makinawo amathamanga bwino. Pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check idzakuuzani chimodzimodzi ndipo imatchula chenicheni chimene chalephera.

Ngati chimene chalephera ndi TPM yokha, musafulumire kutaya mtima. Uthenga woti "Compatible TPM cannot be found" nthawi zambiri umangotanthauza kuti TPM ndi yozimitsa. Yatsaninso kompyuta, lowani mu BIOS, tsamba la makonzedwe limene limatseguka Windows isanayake, podina F10 pa HP, F2 pa Dell kapena F1 pa ThinkPad, ndipo pansi pa Security fufuzani TPM, Intel PTT kapena AMD fTPM n'kuyatsa. Koma ngati BIOS Mode ili pa Legacy, musangoisintha kukhala UEFI, chifukwa Windows idzakana kudzuka. Diski iyenera kusinthidwa kaye kuchoka pa MBR kupita pa GPT ndi chida cha mbr2gpt, ndipo ntchito imeneyi ndi yoyenera mmisiri ngati simunaichitepo.

Chachitatu: sungani mafailo musanakhudze china

Njira iliyonse imene mungasankhe ikhoza kufufuta diski, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito zinthu zimaonongeka mosayembekezereka. Koperani mafoda a Documents, Desktop, Downloads ndi Pictures pa diski yakunja, kenaka tsegulani mafailo angapo kuchokera pa diskiyo kuti mutsimikize kuti akutseguka. Anthu amaiwala zinthu zitatu: mapasiwedi osungidwa m'bulawuza, makalata a Outlook amene amakhala m'mafailo othera ndi .pst, ndi fayilo ya pulogalamu yowerengera ndalama, imene kawirikawiri sikhala mu Documents. Lembaninso makiyi a malaisensi a mapulogalamu amene munagula.

Onaninso ngati diski ndi yokiyidwa ndi BitLocker, zimene zimapezeka kawirikawiri pa malaputopu amene anali a m'maofesi. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator ndi kulemba:

```
manage-bde -status
```

Mukaona Protection On, pezani kiyi yobwezeretsera ya manambala 48 n'kuilemba papepala musanasinthe kalikonse mu BIOS. Kusintha TPM kapena Secure Boot kungachititse kompyuta kufunsa kiyiyo poyaka, ndipo popanda iyo palibe mmisiri amene angatulutse mafailo anu.

Chachinayi: sankhani njira

Ngati makina anu akukwaniritsa zonse, nkhani ndi yaifupi. Kupita ku Windows 11 n'kwaulere kwa amene Windows 10 yawo ndi yovomerezeka. Pitani ku Settings, Update & Security, Windows Update, ndipo mukaona Download and install dinani pamenepo. Konzani bandulo ya magigabayiti angapo, lumikizani chaja, ndipo yambani batire ili yodzaza. Zikakhala kuti pulinta kapena pulogalamu ina yakana kugwira ntchito, muli ndi masiku 10 oti mubwerere ku Windows 10 kudzera pa Settings, System, Recovery, Go back.

Kwa makina ngati EliteBook ija, njira yoyamba ndi kugula nthawi. Microsoft inakhazikitsa dongosolo la Extended Security Updates, lopereka maapudeti a chitetezo okha, ndipo polengeza inati kwa anthu wamba lidzafika pa 13 Okutobala 2026. Limafuna Windows 10 ya 22H2 yokhala ndi maapudeti onse, laisensi yovomerezeka, ndi akaunti ya Microsoft. Patsamba la Windows Update pamaoneka mawu oti Enroll now, ndipo munthu amalowa mwa njira zitatu: kulola kuti makonzedwe a kompyuta azisungidwa ku akaunti ya Microsoft, kumene n'kwaulere, kupereka mapointi 1,000 a Microsoft Rewards, kapena kulipira madola 30 a ku America. Ngati Enroll now sakuoneka, chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala choti maapudeti ena akusowa kapena Windows ndi yobera, ndipo izi mungazione pa Settings, Update & Security, Activation. Njira imeneyi sithetsa vuto, koma imapereka mpata wosunga ndalama kapena wophunzira njira ina mosathamanga.

Njira yachiwiri ndi imene amisiri ambiri angakuuzeni, yokakamiza Windows 11 pa makina osaloledwa pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Rufus, imene imachotsa mayeso a TPM pokonza fulashi yokhazikitsira. Zimathekadi, ndipo pa pulosesa wa m'badwo wa 6 Windows 11 imayenda bwino ndithu. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakutsimikiziridwa kulandira maapudeti. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti maapudeti a mwezi ndi mwezi amabwera, koma mtundu watsopano wa chaka ndi chaka subwera wokha, ndipo popeza mtundu uliwonse wa Home ndi Pro umasamalidwa miyezi 24 yokha, mwini wake amapezeka wabwerera m'vuto lomwe lija osadziwa. Komanso kuyambira pa 24H2, mapulosesa akale kwambiri monga Core 2 Duo sayatsa n'komwe Windows 11. Ine ndimaona kuti njirayi ndi yoyenera munthu amene amadzikonzera yekha kompyuta ndipo adzakumbukira kuyang'ana winver chaka chilichonse, osati ofesi kapena sukulu imene mmisiri amafikako zinthu zikaonongeka basi.

Njira yachitatu ndi kuchotsa Windows n'kuika Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, ndipo ndiyo imatalikitsadi moyo wa makina. Linux Mint 22 ndi yaulere, idzasamalidwa mpaka 2029, imayenda bwino ndi memole ya magigabayiti 4, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows. Imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafailo a Word ndi Excel. Ubwino wake ndi woti mungaiyese musanafufute kalikonse. Tsitsani fayilo ya ISO pa linuxmint.com, ya magigabayiti pafupifupi 3, ilembeni pa fulashi yopanda kanthu ya magigabayiti 8 pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher, yatsani kompyuta mukudina F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo, sankhani fulashiyo, kenaka Start Linux Mint. Makina adzayaka kuchokera pa fulashi, diski yanu osakhudzidwa.

Nthawi yoyesayi igwiritseni ntchito mokwanira. Lumikizani intaneti yopanda mawaya kapena ya pafoni, ikani nyimbo kuti mumve ngati mawu akutuluka, yesani kamera, lumikizani pulinta ndi kusindikiza tsamba, ndipo chachikulu, tsegulani mafailo anu enieni a ntchito. Kalata wamba imatseguka bwino, koma fomu yokhala ndi matebulo ambiri ikhoza kusuntha mizere, ndipo fayilo ya Excel yodalira mamakiro, timapulogalamu ta m'kati mwa fayilo, ikhoza kukana kuwerengera. Microsoft Office yoika pa kompyuta, Photoshop ndi mapulogalamu ambiri owerengera ndalama olembedwera Windows sayenda pa Linux mwachindunji. Wophunzira, mphunzitsi kapena mlembi amene ntchito yake ndi kulemba ndi kufufuza pa intaneti sataya kanthu, koma wowerengera ndalama wodalira pulogalamu imodzi ya Windows ayenera kuganiza kawiri. Mukakhutira, dinani Install Linux Mint, ndipo dziwani kuti kusankha Erase disk and install Linux Mint kumafufuta zonse zimene zili pa diski.

Njira yachinayi ndi kusiya Windows 10 momwe ilili koma kuichotsa pa intaneti. Imeneyi ndi yanzeru kwa kompyuta imene imayendetsa makina odindira, odulira zomata kapena pulinta yakale imene pulogalamu yake silola Windows ina. Zulani waya wa intaneti, zimitsani intaneti yopanda mawaya, ndipo ogwira ntchito azilowa ndi akaunti wamba ya Standard, osati ya Administrator. Khomo limene latsala ndi fulashi, ndipo m'masitolo osindikizira mapepala, momwe makasitomala amabwera ndi mafulashi awo tsiku lonse, khomo limeneli ndi lalikulu kuposa intaneti. Mafailo a makasitomala azilandiridwa pa foni kapena pa kompyuta ina yosamalidwa, n'kusamutsidwa ndi fulashi imodzi ya pasitolopo.

Tibwerere ku EliteBook ija. Ngati ndi ya wophunzira wa ku koleji, ayese Linux Mint, ndipo ngati ili ndi diski yozungulira aikemo SSD, diski yothamanga yopanda zozungulira, chifukwa kuchedwa kumene anthu amanamizira ukalamba wa makina nthawi zambiri kumachokera ku diski. Ngati ndi ya kabizinesi kamene kamalipirira antchito kudzera pa webusayiti ya banki ndiponso kamadalira pulogalamu ya Windows, alowe mu Extended Security Updates pamene ikupezeka ndi kukonzekera kugula makina a m'badwo wa 8 kapena woposerapo. Chimene sichiyenera kuchitika pa njira iliyonse ndi kulowa ku banki, kapena mu imelo imene imalandira manambala otsimikizira a banki, pa makina amene sakulandira maapudeti.

Nanga foni?

Mfundo yake ndi yomweyi, kungoti pa Android tsiku lotha limasiyana malinga ndi wopanga ndi mtundu wa foni. Pitani ku Settings, About phone, ndipo pansi pa Android version kapena Software information fufuzani mzere wa Android security update kapena Android security patch level. Ngati mwafufuza maapudeti osapeza kanthu ndipo deti la pamzerewo ladutsa chaka, foniyo mwachionekere yasiyidwa. Google ndi Samsung analonjeza zaka 7 pa Pixel 8 ndi Galaxy S24, koma mafoni otchipa amalandira zaka zochepa kwambiri. Foni yosiyidwa imalandirabe maapudeti a mapulogalamu kudzera pa Play Store kwa kanthawi, kotero Chrome ndi WhatsApp musazisiye zakale, ndipo musaikemo mafailo oikira mapulogalamu a APK otumizirana. Mapulogalamu nawo amaika malire awo, monga momwe WhatsApp inasiyira ma iPhone osafika pa iOS 15.1 mu 2025. Kutumiza ndalama poimba manambala oyamba ndi nyenyezi kumayendera netiweki ya kampani ya mafoni, kotero sikusiya kugwira ntchito chifukwa cha ukalamba wa foni, koma apu ya banki ikayamba kukana kuikika, nthawi yosintha foni yakwana.

Chomaliza: pogula ina ndi potaya yakale

Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, musakhutire poona Windows 11 pa sikirini, chifukwa ikhoza kukhala yokakamizidwa. Lembani msinfo32 ndi tpm.msc muli m'sitolo momwemo, muwerenge m'badwo wa pulosesa, ndipo lowani mu BIOS kuti muone ngati mwini wake wakale sanasiyemo pasiwedi, chifukwa pa malaputopu a m'maofesi pasiwedi imeneyi ndi yovuta kuchotsa.

Yakaleyo musanaigulitse kapena kupatsa wachibale, tulukani m'maakaunti onse, kenaka pitani ku Settings, Update & Security, Recovery, Reset this PC, sankhani Remove everything, dinani Change settings ndi kuyatsa Clean data. Popanda kuyatsa chimenechi mafailo amangooneka ngati afufutika koma munthu wodziwa akhoza kuwabweza. Ntchitoyi imatenga maola angapo pa diski yozungulira, choncho ichiteni chaja ili yolumikiza. Pa foni ya Android chotsani kaye akaunti ya Google musanafufute zonse, apo ayi woigulayo adzafunsidwa pasiwedi yanu, ndipo musaiwale simu khadi ndi memole khadi. Ngati kompyutayo siyakanso, masulani diski n'kuisunga nokha musanapereke zotsalazo kwa amisiri ofuna zipangizo. Batire yotupa musaiboole, musaitenthe pamoto, ndipo musaiponye m'dzenje la zinyalala zimene zimadzaotchedwa, chifukwa batire ya lithiyamu imaphulika ikapsa. Ichotseni m'makina, matani tepi pa mitu yake, ndipo iperekeni kwa okonza makompyuta amene amasonkhanitsa mabatire akutha.